Mizere yoyamba ya uthenga wopita kwa munthu amene ali kale pa ntchito

Ntchito yanga ndi yosakira makampani anthu oti awalembe ntchito kuno ku Blantyre. Kuwerenga makalata a ofunsira ntchito sikundivuta, chifukwa amenewo amabwera okha, ndipo mukangolengeza mwayi umodzi m'nyuzipepala amadzaza katoni. Amene amandisowetsa tulo ndi munthu uja amene sanafunsire chilichonse. Ali pa ntchito yake, amalandira malipiro mwezi ukatha, abwana ake amamudalira, ndipo n'chifukwa chake kampani ina ikumufuna. Munthu wotereyu alibe ngongole ya yankho kwa inu. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo iye amaudziwa bwino mwambi umenewu: ntchito imene ali nayo ndi yapamphuno, yanuyo ikadali yapachala.

Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti anthuwa sayankha chifukwa cha matama. Ndinkalakwa. Ambiri sayankha chifukwa cha mantha, ndipo mantha ake ndi omveka. Oyamba ndi oti mwina ndinu wakuba, mmodzi wa aja amalonjeza ntchito kenako n'kupempha kuti muwatumizire ndalama ya fomu pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Achiwiri ndi oti nkhani ingafike kwa abwana ake. Blantyre ndi wamng'ono kwa anthu a ntchito imodzi. Owerengera ndalama ambiri anaphunzira limodzi ku Poly, imene pano ndi MUBAS, kapena ku sukulu ya zowerengera ndalama ya pa Ginnery Corner, amakumana ku misonkhano ya bungwe la owerengera ndalama la ICAM, ena amapemphera mpingo umodzi. Achitatu ndi oti mungomutayira nthawi ndi ntchito yotsika kuposa imene ali nayo. Mizere yoyamba ya uthenga wanu ili ndi ntchito imodzi yokha, yochotsa mantha atatuwa mpaka munthuyo aone kuti kuyankha sikumuika m'mavuto ndipo sikumudyera nthawi. Zomukopa kuti asiye ntchito ndi zam'tsogolo, zimakambidwa pakamwa.

Titenge chitsanzo chimodzi n'kuyenda nacho mpaka kumapeto. Kampani ina yopanga katundu ku Chirimba ikufuna mkulu woyang'anira zachuma. Mabuku awo akadali pa Excel, ndipo eni ake akufuna kuti chaka chino zonse zisamukire pa Sage, pulogalamu ya pakompyuta yosungira mabuku a zachuma. Inu mwapeza mayi wina wowerengera ndalama pa kampani yogulitsa katundu wapikulitsa ku Limbe. Wakhala pamenepo zaka zisanu ndi chimodzi, anamaliza maphunziro a ukatswiri wowerengera ndalama a ACCA, ndipo pa tsamba lake la LinkedIn analemba kuti ndi iye anatsogolera ntchito yosamutsira mabuku a kampaniyo pa Sage. Sanaike chizindikiro cha Open to Work, chosonyeza kuti munthu akusaka ntchito. Timutchule kuti Mayi Uje.

Musanalembe, pezani chifukwa chimodzi

Dzifunseni kuti, mwa owerengera ndalama onse a mu mzinda uno, n'chifukwa chiyani ndikulembera mayi ameneyu? Ngati yankho lanu ndi loti ali ndi ACCA, simunapeze chifukwa, poti a ACCA alipo ambiri ndipo iye akudziwa zimenezo. Chifukwa chenicheni ndi pamene chimene iye anachita chikukumana ndi vuto la kampani imene yakutumani. Apa n'chosasowa: anasamutsapo mabuku, ndipo a ku Chirimba akufuna wosamutsa mabuku.

Kuti mupeze chifukwa chotere muyenera kubwerera kwa amene akutumani n'kuwafunsa mafunso oposa zimene analemba pa pepala lofotokoza ntchito. Pepala lija limangoti munthu akhale ndi zaka zisanu pa ntchito ndi satifiketi yakuti. Inu funsani kuti, munthuyu akabwera, m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba mukufuna atakonza chiyani? Azidzayankha kwa ndani? Adzakhala ndi anthu angati pansi pake? Amene analipo anachoka chifukwa chiyani? Malipiro mwakonza kuyambira pati mpaka pati? Akakana kukuuzani za malipiro, auzeni mosabisa kuti anthu amene ali kale pa ntchito zabwino sadzayankha, ndipo ndi bwino angolengeza m'nyuzipepala.

Mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu zimakwana kuwerenga tsamba la munthu mmodzi n'kupeza chifukwacho. Mukachisowa, musalembe. Ndi bwino kulembera anthu asanu ndi atatu amene muli nawo chifukwa kusiyana n'kumwaza uthenga umodzi kwa anthu makumi asanu, chifukwa ena mwa makumi asanuwo amadziwana ndipo amaonetsana mafoni pa nkhomaliro. Akaona kuti onse analandira mawu ofanana, dzina lanu lathera pomwepo.

Sankhani khomo lolowera

Musalembe pa imelo ya kuntchito kwake, ndipo musaimbe pa lamya ya ofesi. Imelo ya kampani ndi ya kampani, a zamakompyuta angathe kuiona, ndipo nthawi zina mlembi kapena wothandizira amatsegula bokosi lomwelo. Ine ndinalakwitsapo pamenepa ndikuyamba kumene. Ndinaimba pa ofesi ina, wolandira alendo anandifunsa kuti ndine ndani, ndinatchula dzina la kampani yathu, ndipo tsiku lisanathe ofesi yonse inali itamva kuti bambo uja akusaka ntchito, pamene iye sankadziwa n'komwe kuti ndimamufuna. Anandiimbira madzulo ali wokwiya kwambiri, ndipo anali ndi chifukwa chokwiyira. Mpaka lero zimandipweteka ndikakumbukira kuti ndinaika ntchito ya munthu pachiswe.

Makomo abwino ndi atatu. LinkedIn ndi yabwino poyambira chifukwa munthuyo angathe kudina dzina lanu n'kuona nkhope yanu, kumene mumagwira ntchito ndi anthu amene nonse mumawadziwa. Vuto lake ndi loti anthu ambiri kuno amaitsegula mwa apo ndi apo, ena kamodzi pa mwezi. WhatsApp amaiona tsiku lomwelo, koma ndi khomo la kunyumba, kumene kumalowera abale ndi magulu a mpingo, choncho mlendo wogogoda kumeneko ayenera kufotokoza msanga kuti nambala waitenga kuti. Khomo lachitatu, loposa onse, ndi munthu amene nonse mumamudziwa. Mupempheni kuti ayambe wafunsa mwini wake ngati akulola kuti nambala yake iperekedwe. Zimachedwetsa ndi tsiku limodzi kapena awiri, koma uthenga wanu umakafika ukuyembekezeredwa. Kumbukiraninso kuti kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu payekha, choncho kutola manambala m'magulu a WhatsApp kapena m'kaundula wa msonkhano popanda chilolezo si chinthu chochitenga mopepuka.

Mzere woyamba: moni, dzina lanu, ndi kumene mwamudziwira

Apa ndi pamene ulemu wathu umatipusitsa. Tinaleredwa kuti sungayambe nkhani usanapereke moni n'kudikira kuti akuyankhe. Ndiye munthu amalemba kuti "Mwadzuka bwanji bwana?" n'kukhala chete, kudikira. Pamaso m'pamaso ndi khalidwe labwino. Pa foni, kuchokera ku nambala yachilendo, moni wopanda nkhani amafanana ndi chiyambi cha wopempha ngongole kapena wakuba, ndipo anthu otanganidwa anaphunzira kungomuyang'ana n'kumusiya. Moni asachoke ayi, koma abwere pamodzi ndi nkhani yake mu uthenga umodzi. Ngakhale pakhomo, ukati odi ndipo m'nyumba sakukudziwa, sudikira kuti atsegule, umanena kuti ndine uje, mwana wa akutiakuti.

Chifukwa china ndi kaonekedwe ka foni. Uthenga ukalowa, munthu amaona mawu oyambirira okha pamwamba pa sikirini kapena pa mndandanda wa macheza, ndipo pa mawu ochepawo ndi pamene amasankha kutsegula kapena kusiya. Mukawathera pa mafuno abwino aatali, oti mukukhulupirira kuti uthengawu wawapeza ali bwino pamodzi ndi banja lonse, malo onse atha musananene chilichonse.

Kwa Mayi Uje ndingayambe motere:

"Moni Mayi Uje. Ndine Uje, ndimasakira makampani antchito, ofesi yathu ndi yakuti ku Ginnery Corner. Nambala yanu andipatsa ndi Bambo Akuti, amene anati mwalola kuti ndikulembereni."

Taonani zimene zalowamo. Dzina lake lalembedwa molondola, ndipo ndamutchula ndi dzina la bambo ake kapena la banja monga analilembera yekha pa tsamba lake, osati dzina loyamba. Munthu amene simunakumanepo naye si "achemwali" kapena "asisi" pa uthenga wa ntchito, ndipo "bwana" wopanda dzina amaonetsa kuti uthengawo ukanatha kupita kwa aliyense. Ngati ndi dokotala kapena injiniya amene amalemba udindowo patsogolo pa dzina lake, ulembeni. Ngati simukutsimikiza kuti ndi bambo kapena mayi, poti mayina ngati Chikondi, Mphatso ndi Chisomo ndi a onse, lembani "a" patsogolo pa dzina lonse, ndipo simulakwa.

Dzina langa ndi la ofesi yathu zilipo kuti athe kufufuza. Malo ndawatchula dala, chifukwa wakuba satchula khomo limene ungapite kukagogoda. Ndipo ndanena kumene ndatenga nambala. Osanama pamenepa. Mukanena kuti mnzake wina wakutumani pamene sanatero, iye aimbira mnzakeyo musanamalize n'komwe kumwa tiyi. Ngati amene anakulozerani sakufuna kutchulidwa, musalembe kuti "munthu wina wandipatsa nambala yanu", chifukwa mawu amenewo amabala nkhawa yoti ndani akundikamba kumbali. Zikatero pitani pa LinkedIn n'kunena zoona zake, kuti mwaona tsamba lake.

Mauthenga ambiri otere mu mzinda uno amalembedwa m'Chingerezi, ndipo palibe cholakwika. Ine ndimatsata chilankhulo chimene munthuyo analembera tsamba lake, kapena chimene wotilumikizitsa uja amalankhula naye. Ndondomeko yake ndi yomweyi m'zilankhulo zonse ziwiri. Nthawi zambiri moni wa Chichewa patsogolo pa uthenga wa Chingerezi amathandiza, chifukwa amasonyeza kuti wolembayo ndi munthu wa konkuno.

Mzere wachiwiri: chifukwa chiyani iyeyo

Mzere uwu ndi umene umasiyanitsa uthenga woyankhidwa ndi wosiyidwa, ndipo ndi umene anzanga ambiri amaulemba mwaulesi. Amalemba kuti achita chidwi kwambiri ndi mbiri ya munthuyo, kapena kuti luso lake likugwirizana ndi mwayi wina wosangalatsa. Mawu amenewa mungathe kuwatumiza kwa namwino, kwa dalaivala, kwa mphunzitsi, osasintha chilembo. Yesani motero nthawi zonse: mukachotsa dzina la Mayi Uje n'kuikapo la munthu wina, kodi chiganizocho chikhalabe choona? Chikakhalabe choona, chifufuteni.

Kwa iye ndingalembe kuti:

"Ndaona pa LinkedIn kuti ndinu amene munatsogolera ntchito yosamutsira mabuku a kampani yanu pa Sage. Kampani imene yandituma ili pomwe munayambira inu paja, zonse zikadali pa Excel, ndipo ikufuna munthu amene anaoloka kale mtsinje umenewu."

Chiganizo choyamba chikutchula chinthu chimodzi chimene anachita, chachiwiri chikuchilumikiza ndi vuto la kampani. Sindinamutamande. Sindinanene kuti ndi katswiri woposa onse, chifukwa sindinaonepo ntchito yake ndipo iye akudziwa kuti sindinaione. Kuyamikira kopitirira muyeso kuchokera kwa mlendo kumamveka ngati kwa wogulitsa malonda mu Limbe amene akufuna ugule nsapato yosakukwana. Kutchula chimene munthu anachita molondola ndi ulemu wokwanira, poti kumasonyeza kuti munakhala pansi n'kuwerenga.

Pali malire ake. Tchulani zokhazo zimene iye anaika poyera zokhudza ntchito. Mwina mwamva kuti amakhala ku Machinjiri, ndipo mukuona kuti Chirimba ili pafupi kusiyana ndi kuvutika ndi mzere wa magalimoto pa msewu wa Masauko Chipembere m'mawa uliwonse kupita ku Limbe. Ndi mfundo yabwino, koma isungeni. Mlendo akakuuza kumene umagona mu uthenga woyamba, umachita mantha. Ingotchulani kuti ntchito ili ku Chirimba, iye awerengera yekha mtunda. Chimodzimodzi za ana ake, za mpingo wake, za zithunzi zake za pa Facebook, ndi za kaonekedwe kake. Kwa abambo olembera amayi ndinene mosapsatira: liwu limodzi lokha lokhudza chithunzi chake, kapena kutumiza uthenga usiku, basi uthenga wanu wasanduka chinthu china, ndipo sadzakuyankhani.

Musanyozenso kumene akugwira. Mwina mwamva mphekesera yoti kampani yake ikuchedwetsa malipiro kapena ikufuna kuchepetsa antchito. Mukalemba zimenezo, mwamuika pa malo oti akakuyankhani ndiye kuti wavomereza mphekeserayo polemba, kwa munthu amene sakumudziwa. Munthu wanzeru sangatero. Komanso musamufunse ngati ali wokondwa pa ntchito yake. Funso limenelo yankho lake laulemu ndi limodzi, loti inde ndili bwino, ndipo akatero nkhani yatha.

Mzere wachitatu: ntchito yake ndi yotani

Apa nenani zinthu zinayi mwachidule: udindo, dera, bwana amene azidzamuyang'anira, ndi malipiro.

"Udindo wake ndi wa mkulu wa zachuma pa kampani yopanga katundu ku Chirimba, woyankha kwa mkulu wa kampani mwachindunji, ndi anthu anayi pansi panu. Malipiro ali pakati pa K2,000,000 ndi K2,500,000 pa mwezi msonkho usanachotsedwe, kuphatikizapo sikimu ya chipatala ya banja ndi mafuta a galimoto."

Manambalawa ndi ongoyerekeza, inu muika amene akupatsani. Chachikulu n'choti muwaike. Ambiri amaopa, amati ndalama zimakambidwa kumapeto. Kwa wofunsira ntchito mwina zingatheke, koma kwa munthu amene ali kale pa malipiro, funso loyamba m'mutu mwake ndi loti kodi zikuposa zimene ndikulandira? Mukabisa, iye amaganiza kuti n'zochepa. Mukanena ndipo n'zochepadi, akuuzani msanga, nonse mwapulumutsa nthawi, ndipo inu mwaphunzira mtengo weniweni wa munthu wotere, zimene mukauze amene anakutumani. Nenaninso ngati ndalamazo ndi za msonkho usanachotsedwe kapena zopita nazo kunyumba. Wowerengera ndalama amawerengera PAYE m'mutu nthawi yomweyo, ndipo kusiyana kwa ziwirizi pa malipiro otere si kwamasewera.

Penshoni musaitchule ngati chokopa ngati kampani ikungopereka zimene lamulo limalamula, zomwe ndi 10 peresenti kuchokera kwa olemba ntchito ndi 5 peresenti kuchokera kwa wantchito. Iye akulandira kale zimenezo kumene ali. Itchuleni pokhapokha ngati kampani imaonjezera pamwamba. Zimene zimasuntha mtima wa munthu wa udindo wotere ndi monga sikimu ya chipatala yofikira ana, galimoto kapena mafuta, kumulipirira ndalama za umembala wa ICAM ndi ACCA, ndiponso kukwera udindo. Kwa Mayi Uje chokopa chachikulu mwina si ndalama n'komwe, koma mawu aja oti woyankha kwa mkulu wa kampani mwachindunji, ngati kumene ali pali munthu pamwamba pake amene sakuoneka kuti achoka msanga.

Nanga dzina la kampani? Ngati akulolani, litchuleni, chifukwa limachotsa chikaiko. Nthawi zina salola, makamaka ngati amene ali pa udindowo sanauzidwe kuti akuchoka. Zikatero nenani poyera kuti dzina mudzalitchula pa foni chifukwa kampani yapempha chinsinsi pakadali pano, ndipo fotokozani mtundu wa kampani ndi dera. Koma samalani kuti kufotokozako kusaulule. Mukati kampani yopanga chakumwa chakuti ku Makata, aliyense wa mu Blantyre wadziwa kale.

Pempho likhale laling'ono

Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kutseka uthenga woyamba ndi mawu oti tumizani CV yanu lisanafike Lachisanu. Munthu amene wakhala zaka zisanu ndi chimodzi pamalo amodzi alibe CV yokonzeka. Kuti aikonze ayenera kutaya madzulo athunthu, ndipo kuitumiza kuli ngati kuvomera kuti akusaka ntchito, komanso sakudziwa kuti ikafika m'manja mwa ndani. Mwamupempha chinthu chachikulu asanakudziweni. N'chimodzimodzi kumutumizira linki yoti adzaze fomu, kapena fayilo yoti atsegule. Anthu anachenjezedwa kuti asamadine zinthu zochokera ku manambala achilendo, ndipo akuchita bwino.

Pemphani chinthu chimene angayankhe ndi liwu limodzi ali pa mzere ku banki:

"Sindikupempha CV kapena kuti mulonjeze chilichonse. Mungalole kuti ndikuimbireni kwa mphindi khumi, pa nkhomaliro kapena mukaweruka, tsiku limene mungasankhe? Zimene tikambirane zikhala pakati pa inu ndi ine, dzina lanu silipita kwa aliyense musanavomere. Ngati si nthawi yake, ingondiuzani, sindikuvutitsaninso."

Lonjezo la chinsinsi likhale lenileni. Kutanthauza kuti simutchula dzina lake ngakhale kwa amene anakutumani, ngakhale atakukakamizani kuti muwauze anthu amene mwalankhula nawo. Eni makampani nawonso amadziwana, amakumana ku gofu ndi ku maukwati, ndipo mmodzi angathe kufunsa mnzake mosaganiza kuti, kodi mayi uja wa ku ofesi kwanu ndi wotani? Khomo lokanira nalonso ndi lofunika. Anthu athu savutika kunena inde, amavutika kunena ayi, ndiye pothawa kukana amangokhala chete. Mukawapatsa njira yokanira mwaulemu, ambiri amayankha, ndipo wokana lero ndi amene amakulozerani mnzake kapena kukukumbukirani chaka chamawa.

Kwa anthu a maudindo apansi, monga makalaliki, madalaivala ndi amisiri, ndimaonjezera chiganizo choti palibe ndalama iliyonse imene adzapemphedwe kulipira, chifukwa ndi iwo amene akuba amawasaka kwambiri. Amatilipira ndi kampani yofuna wantchito, osati munthu wofunidwayo.

Mukalumikiza zidutswa zinayizi, uthenga wonse uli ndi mawu osapitirira 150. Utumizeni wonse pamodzi, osati kaduka kaduka kasanu foni n'kumangolira. Musatumize uthenga wa mawu ojambula, chifukwa sangaumvetsere mu ofesi muli anthu. Ngati mukugwiritsa ntchito kakalata kopempha kulumikizana pa LinkedIn, malo ndi ochepa kwambiri, zilembo 300 kapena 200 malinga ndi mtundu wa akaunti yanu, ndiye mufinye motere:

"Moni Mayi Uje. Ndine Uje wa ku kampani yakuti. Ndaona kuti munasamutsira mabuku pa Sage. Kampani ina ku Chirimba ikufuna mkulu wa zachuma wodziwa zimenezi. Ndikutumizireni zambiri? Ndi zachinsinsi."

Zilembo zake zili chapafupi ndi 200. Zamalipiro ndi zina zija zidzabwera akavomera kulumikizana. Pa InMail, uthenga wa pa LinkedIn wopita kwa munthu amene simunalumikizane naye, pali malo a mutu, ndipo mutuwo ukhale udindo ndi dera, monga "Mkulu wa zachuma, Chirimba: za ntchito yanu ya Sage", osati mawu ngati mwayi waukulu kapena zachangu.

Tsiku ndi ola

Ntchito iliyonse ili ndi masiku ake otentha, ndipo wosaka antchito ayenera kuwadziwa. Wowerengera ndalama kumapeto kwa mwezi ali pa malipiro, sabata yoyamba akutseka mabuku, pofika pa 14 ayenera kukhala atapereka PAYE ku MRA, ndipo pofika pa 25 ndi VAT. Masiku opumirako ali cha pakati pa 15 ndi 20. Ngati kampani yake imatseka chaka mu Disembala, miyezi yoyambirira ya chaka amakhala ali ndi ofufuza mabuku pakhosi, ndipo ngakhale atafuna kuchoka, ambiri sasiya ntchito ili pakati. Uthenga wabwino wotumizidwa pa 24 ungafe chabe chifukwa cha tsiku.

Pa WhatsApp ndimatumiza pakati pa sabata, cha m'ma 12 koloko masana kapena itangokwana 5 koloko madzulo, pamene munthu angawerenge popanda mnzake wa desiki yoyandikana kusuzumira. Usiku ayi, Lamlungu ayi, ndipo ngati mukudziwa kuti munthuyo amapembedza Loweruka kapena amapita ku mzikiti Lachisanu masana, lemekezani nthawi imeneyo. Onetsetsaninso kuti nambala yanu ili ndi chithunzi cha nkhope yanu ndi dzina lanu lenileni, pakuti chinthu choyamba chimene adzachite ndi kudina pamenepo.

Akakhala chete

Chete ali ndi mitundu, ndipo mtundu uliwonse umaloza pamene pali vuto. Ngati pa LinkedIn pempho lanu langokhala osalandiridwa kwa sabata ziwiri, kawirikawiri ndiye kuti munthuyo salowako, vuto ndi khomo, sakani wokulumikizani. Ngati anthu akutsegula koma osayankha, kapena mwaona kuti anadzaona tsamba lanu kenako n'kungoti zii, ndiye kuti anakufufuzani ndipo china sichinawakhutiritse, mwina tsamba lanu ndi lopanda kanthu, mwina mzere wachiwiri unali wa aliyense. Nkhupakupa zabuluu za pa WhatsApp musazidalire kwambiri, ambiri anazizimitsa. Ngati yankho loyamba ndi loti "Nambala yanga mwaitenga kuti?", mzere woyamba ndi umene unalephera. Ngati ambiri akuyankha kuti "Ndi zingati?" ndiye kuti munabisa malipiro. Ndipo ngati anthu asanu otsatizana anena mwaulemu kuti ali bwino kumene ali atangoona manambala, uthenga ulibe vuto, bwererani kwa amene anakutumani mukakambirane za ndalamazo.

Kukumbutsa n'kololedwa kamodzi, patapita masiku asanu kapena sabata. Musalembe kuti mukudikirabe yankho, kapena kutumiza chizindikiro cha funso chokhachokha, zimenezo zimamveka ngati mukulonjerera ngongole. Bweretsani kanthu katsopano kamodzi:

"Moni kachiwiri Mayi Uje. Ndangofuna kuonjezera kuti kampani ija yavomera kudikira mwezi wa notisi, ndipo amene abwereyo ndi amene asankhe yekha anthu awiri atsopano a mu ofesi yake. Ngati si nthawi yake, palibe vuto, ndisiyira pomwepa."

Za notisi ndimazitchula chifukwa lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limati wolandira malipiro a pamwezi apereke notisi ya mwezi umodzi, ndipo makontirakiti a maudindo akuluakulu ena amafuna miyezi itatu. Munthu wokhulupirika amada nkhawa kuti mumukakamiza kuthawa ntchito, choncho funsiranitu kwa amene anakutumani kuti angadikire mpaka liti.

Mukanena kuti musiyira pomwepo, siyanidi. Lembani m'kaundula wanu tsiku limene munalemba, khomo limene munadzera ndi chimene chinachitika, kuti mnzanu wa mu ofesi asadzamulemberenso sabata yamawa za ntchito yomweyo. Akayankha kuti "Imbani mawa 12:30", yankhani tsiku lomwelo ndi chiganizo chimodzi chotsimikiza, imbani 12:30 yeniyeniyo pa nambala yomwe munalembera, ndipo funso lanu loyamba likhale loti, "Muli pamalo poti mungalankhule momasuka?"